Vidiyo ya ukwati kwa Mphuka: zoyenera kumvana kamera isanayatsidwe

Komiti ya ukwati ikakhala pansi, nkhani ya mpunga, nkhuni, nkhuku ndi zakumwa imatenga madzulo onse. Ya vidiyo imatha m'mphindi ziwiri. Wina amanena kuti akudziwa mnyamata wojambula bwino ku Luchenza kapena ku Limbe, amamuimbira foni, mnyamatayo amatchula mtengo, chikole chimatumizidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo komiti imapita pa nkhani ina. Palibe amene wafunsa kuti abwera ndi makamera angati, ayamba nthawi yanji, aweruka nthawi yanji, ndipo vidiyoyo idzafika liti m'manja mwa eni ukwati.

Mpunga ukaperewera, wina amathamangira ku golosale n'kugula wina. Koma wojambula akaphonya nthawi imene mkwati akuveka mkwatibwi mphete, palibe ndalama imene ingabweze mphindi imeneyo. Vidiyo ya ukwati mumailipira isanakhalepo, mumaiona ukwati utatha kale, ndipo ikalakwika simungaitanenso anthu kuti adzabwereze. Pa chifukwa chimenechi, ufulu wanu pa ntchito imeneyi umatetezeka ndi zimene mwamvana tsikulo lisanafike.

Mwalamulo, zimene mwamvana pakamwa ndi mgwirizano ndithu. Wojambula akavomera kugwira ntchito pa mtengo wakutiwakuti, inu n'kupereka chikole, nonse awiri mwamangika. Vuto limabwera pa umboni. Patapita miyezi inayi, inu mukuti munamvana masabata atatu, iye akuti sanatchule tsiku, ndipo amene akuweruza nkhaniyo alibe pogwira. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina amakono limalola kuti mauthenga a pa foni aonedwe ngati umboni, choncho mauthenga a pa WhatsApp ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita musamafufute. Komabe pepala limodzi losainidwa ndi mbali zonse ziwiri, pamaso pa wapampando wa komiti kapena nkhoswe, limaposa mauthenga makumi asanu obalalika. Silifuna loya kapena Chingerezi. Lilembeni m'Chichewa, pa pepala la m'kope, aliyense atenge lake, ndipo mulijambulenso pa foni.

Chinthu chimodzi chimene makomiti amaiwala ndi kunena kuti mgwirizanowo ndi wa ndani. Ndalama imachokera m'thumba la komiti, koma komiti imatha ukwati ukangotha. Dzina loyenera kukhala pa pepalalo ndi la mkwati kapena mkwatibwi, kapena onse awiri, chifukwa ndiwo amene adzatsale akudikira vidiyo ndipo ndiwo angakadandaule zinthu zikavuta.

Mtengo umachokera kuti

Titenge chitsanzo. Manambala ake ndi ongofotokozera kawerengedwe, chifukwa mitengo ya lero si ya mawa, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene makamera, mabatire ndi mafulashi onse amagulidwa kunja. Tinene kuti ukwati ukadalitsidwa pa tchalitchi china kwa Mphuka, ku Thyolo, m'mwezi wa Julayi, ndipo madyerero akachitikira pa bwalo la sukulu ya pulaimale chapafupi. Wojambula akuchokera ku Luchenza ndipo watchula K450,000.

Wapampando akamva ndalama imeneyi amadzuma kuti ndi yambiri pa ntchito ya tsiku limodzi. Ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamayo ikupita kuti, ndipo wojambula wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi funso limeneli. Angayankhe motere. Njinga zamoto zonyamula anthu atatu ndi katundu, kupita ndi kubwerera, zitenga K50,000. Wogwira kamera yachiwiri alandira K60,000, ndipo wothandizira, amene amanyamula zikwama, kuyang'anira mabatire ndi kulemba mayina, alandira K25,000. Kamera yachiwiriyo ndi maikolofoni ndi zobwereka, pa K70,000. Mafulashi awiri ndi memori khadi yatsopano ndi K45,000. Malo ogona ndi chakudya cha usiku woti mawa ndi ukwati ndi K30,000, magetsi ndi bandulo K20,000. Zonsezi zakwana K300,000. Yotsala K150,000 ndiyo ya mwini ntchito, ndipo m'menemo muli maola khumi ndi awiri oimirira pa tsiku la ukwati, masiku anayi kapena asanu okhala pa laputopu, ndi kutha kwa zipangizo zake.

Mukaona mtengo utaphwanyidwa chonchi, kunenerera kumakhala kwa nzeru. Ngati komiti ingapeze malo ogona ndi chakudya kwa achibale, K30,000 yachoka popanda kuwononga kalikonse. Ngati galimoto yokatenga keke kapena zokuzira mawu ingawanyamulire limodzi, ya mayendedwe yatsika. Koma mukangoti “tili ndi K250,000 basi,” iye n'kuvomera msangamsanga osafunsa kanthu, dziwani kuti chimene chachoka ndi kamera yachiwiri ndi maikolofoni, ngakhale sanakuuzeni. Mudzazizindikira poonera vidiyo.

Za usiku wogona zija si zongowonjezera. Dera la Mphuka ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo njira zambiri zochoka pa msewu wa tala ndi zafumbi. M'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, imene maukwati amachuluka anthu atakolola, chiperoni chimatha kugwa m'mawa, nkhungu n'kuphimba phiri, dothi lofiira lija n'kuterera. Wojambula amene wanyamuka m'bandakucha wa tsiku lomwelo angafike mkwatibwi atalowa kale m'tchalitchi. Lembani nthawi yofika, ndipo kunena zoona ndi bwino afike dzulo lake kuti aone tchalitchi, aone kumene kuwala kumalowera, ndi kupereka moni kwa abusa kapena ansembe. Mipingo imasiyana malamulo: ina siilola wojambula kukwera kuguwa, ina imamuuza malo amodzi oima. Ku Thyolo kulinso a Seventh Day ambiri, chiyambireni mishoni ya Malamulo ku Makwasa mu 1902, ndipo iwo sachita ukwati Loweruka. Tsiku ndi deti zilembedwe zonse ziwiri kuti pasakhale kuganizirana.

Kalipiridwe nako n'kofunika kuposa mtengo weniweniwo. M'chitsanzo chathu, chikole chikhale K180,000 posainirana, K135,000 pa tsiku la ukwati, ndipo K135,000 yotsala iperekedwe vidiyo ikafika ndi kuonedwa. Chikole chili ndi chifukwa chake: wojambula akakusungirani tsiku amakana ena ofuna tsiku lomwelo, ndipo ayenera kulipiriratu kamera yobwereka. Koma kupereka ndalama yonse ukwati usanachitike ndi kutaya chingwe chokha chimene muli nacho m'manja. Munthu amene walandira zonse, ndipo Loweruka lililonse ali ku ukwati wina, vidiyo yanu amaiika kumbuyo kwa mzere. Nanunso muli ndi udindo pa ndalama yotsalayo. Ipatuleni pa ndalama za perekani-perekani tsiku lomwelo, isungidwe padera. Zimachitika kawirikawiri kuti vidiyo yatha koma banja latsopano lagula kale mipando ndi matilesi, ndipo wojambula amakhala ndi ufulu wosunga ntchito yake mpaka mutamaliza kulipira, ngati ndi mmene munamvanirana.

Lembaninso zochitika ukwati ukasunthidwa. Maliro akagwa pamudzi kapena m'banja, tsiku limasintha, ndipo palibe wolakwa. Njira yachilungamo ndi yoti chikole chisamukire ku tsiku latsopano ngati wojambula ali ndi mpata. Ngati alibe, abweze chikole atachotsapo zimene wawononga kale ndipo angazionetse. Iyeyo akalephera kubwera, abweze chikole chonse, kapena atumize mnzake amene inu mwamuvomereza. Si bwino kudzukira m'mawa wa ukwati n'kuona nkhope yachilendo itanyamula kamera, pamene inu munasankha munthu mutaona ntchito yake.

Ndandanda ya zojambula ndi anthu ake

Wojambula wochokera kutali sakudziwa kuti agogo okhala pa mphasa kumbuyo kwa tenti ndi amene analera mkwatibwi. Maso ake amakopeka ndi ovala bwino ndi ovina kwambiri. Ndandanda ya zojambula ndi udindo wa eni ukwati, ndipo ilembedwe sabata imodzi tsikulo lisanafike, mwa dongosolo la tsikulo.

M'mawa muli kukonzekera kwa mkwatibwi ndi kwa mkwati, kumene kawirikawiri kumachitikira nyumba ziwiri zotalikirana. Kutchalitchi muli kulowa kwa aperekezi, kulowa kwa mkwatibwi ndi womupereka, malumbiro, mphete, kusaina mtchato pamodzi ndi ankhoswe, ndi kutuluka. Kumadyerero muli kulowa kovina, mawu a makolo a mbali zonse ziwiri, kudula keke, mphatso, ndi perekani-perekani. Pambali pa zochitikazi lembani mayina a anthu amene sayenera kusowa: ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi, amalume, agogo, amfumu ngati abwera, anzake a mkwati a ku esiteti amene asonkha ndalama. Kenako sankhani wachibale mmodzi wodziwa mbali zonse ziwiri kuti aziyenda ndi wojambula n'kumamulozera kuti, “Achimwene, awo avala chilundu chobiriwirawo ndi azakhali a mkwati, musawaphonye.” Ngati mukufuna kuti chinkhoswe chijambulidwenso, ndi kusinthana tambala ndi msoti kuja, limenelo ndi tsiku lina ndipo lili ndi mtengo wake. Musaganize kuti lili m'kati mwa K450,000 ngati silinalembedwe.

Ndandanda imeneyi ndiyo imakuuzani kuchuluka kwa anthu ofunika. Munthu mmodzi sangakhale ku nyumba ya mkwatibwi ndi ya mkwati nthawi imodzi. Pa malumbiro, kamera imodzi iyenera kusankha pakati pa nkhope ya mkwati, ya mkwatibwi ndi ya mayi ake amene akupukuta misozi. Makamera akakhala awiri, imodzi imakhazikika pa miyendo yake n'kumajambula zonse osadukiza, ina imayendayenda kutola nkhope, manja ndi mphete. Yokhazikikayo ndi chitetezonso: batire la inayo likatha kapena mlendo akadutsa kutsogolo ndi foni yake, chithunzi chilipobe.

Mawu ndi amene amawononga mavidiyo ambiri kuposa chithunzi. Maikolofoni ya pa kamera imatola chilichonse chili pafupi nayo, monga mwana wolira, nthungululu, ndi kulira kwa jenereta, pamene malumbiro akunenedwa motsitsa mawu patali. M'tchalitchi cha malata, mvula ikangowaza, simumvanso kanthu. Funsani wojambula funso limodzi ili: mawu a malumbiro muwatola bwanji? Yankho labwino ndi loti mkwati avala kamaikolofoni kakang'ono pa jekete, kamene kamatolanso mawu a mkwatibwi ndi a abusa, ndipo kumadyerero alumikiza chojambulira mawu ku makina a wokuza nyimbo. Akayankha kuti kamera yake imamva patali, yembekezerani kuti malumbiro anu adzaphimbidwa ndi nyimbo. Ndipo musanamusankhe, musakhutire ndi kavidiyo ka mphindi zitatu ka pa Facebook. Pemphani vidiyo yathunthu ya ukwati wina, mupite pa malumbiro ndi pa mawu a makolo, mumvetsere.

Tsopano perekani-perekani, amene ndi phata la mtengo wonse ngakhale anthu samuwerengera. Woyendetsa mwambo amaitana gulu ndi gulu: akuchimuna, akuchikazi, a mpingo, amayi a chigwirizano, anzawo a kuntchito, a banki m'khonde, obadwa mwezi wakuti, mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense woponya ndalama amafuna adzadzione. Apa eni ukwati asankhe chimodzi. Kujambula zonse kumatanthauza maola atatu kapena anayi kamera ili chiyakire, makhadi ambiri, ndi masiku owonjezera pokonza. Kujambula mphindi ziwiri zoyamba za gulu lililonse kumapereka vidiyo yoonereka mpaka kumapeto, koma ena sadzaonekamo ndipo adzadandaula. Ine ndimaona kuti njira yabwino ndi yoti kamera yokhazikika ijambule zonse, zimenezo ziperekedwe pazokha zosakonza, ndipo mu vidiyo yeniyeni mulowe zidutswa za gulu lililonse. Mulimonse mmene mungasankhire, zilembedwe.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Kamera yojambula pa 50 Mbps imadya pafupifupi 22 GB pa ola, choncho khadi ya 64 GB imadzaza maola atatu asanakwane. Ngati kamera yokhazikika yajambula maola asanu ndi awiri ndipo inayo anayi, zonse pamodzi zikuyandikira 250 GB, kutanthauza makhadi anayi osachepera, ndipo wanzeru amatenga asanu kapena asanu ndi limodzi. Wojambula wobwera ndi makhadi awiri amayamba kuzimitsa kamera pakati pa mwambo, kapena kufufuta za m'mawa kuti apeze malo. Mabatire nawo ndi chimodzimodzi. Malo ambiri kwa Mphuka alibe magetsi a ESCOM, ndipo jenereta ya zokuzira mawu imayaka masana okha kumadyerero. Mvanani kuti kutchaja kudzachitikira kuti, ndipo ngati ndi udindo wa komiti, munthu wake atchulidwe dzina.

Nthawi yoweruka ilembedwenso. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko madzulo, ndipo kuseri kwa phiri mdima umafulumira. Mwambo ukachedwa kuyamba ndi maola awiri, kudula keke kumagwera mu mdima. Ngati munamvana kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ola lililonse loposera likhale ndi mtengo wodziwika, tinene K15,000, ndipo wojambula abwere ndi nyale. Kuchedwa kwa mwambo si mlandu wake.

Ambiri amafuna zithunzi m'minda ya tiyi, ndipo n'zomveka, chifukwa kubiriwira kwake ndi diresi yoyera zimagwirizana. Koma minda ya makampani monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba ili ndi eni ake ndi alonda ake. Kugwira ntchito pa esiteti sikupatsa munthu ufulu wolowetsamo gulu la aperekezi ndi makamera. Pemphani chilolezo ku ofesi pasadakhale, ndipo pa pepala lanu lembani amene akapemphe. Dironi nayo ili ndi malamulo ake pansi pa akuluakulu oyang'anira za ndege, ndipo udindo wokhala ndi chilolezo ndi wa woiulutsa. Isauluke pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo mu nkhungu ya chiperoni siingakupatseni chithunzi chilichonse, choncho musalipire mtengo wake wonse ngati siinauluke.

Vidiyo idzafika liti, ndipo ndi ya ndani

Mawu oti “posachedwa” asapezeke mu mgwirizano. Lembani madeti. M'chitsanzo chathu, pasanathe masiku awiri wojambula akopere makhadi onse m'malo awiri osiyana, monga pa laputopu ndi pa hadi diraivi ina, ndipo asafufute makhadiwo asanatsimikize kuti zonse zikutseguka. Apa ndi pamene maukwati ambiri amatayikira: zonse zinali pa laputopu imodzi, laputopuyo yabedwa kapena yapsa ndi magetsi. Pakutha pa sabata yoyamba atumize kavidiyo kachidule ka mphindi zitatu kapena zisanu, kotumizira achibale a ku Joni ndi ku Lilongwe. Kavidiyo kameneka kamakutsimikiziraninso kuti zojambulidwazo zilipo. Pakutha pa sabata yachinayi abweretse vidiyo yonse kuti muione. Inu mukhale ndi sabata imodzi yolemba zofunika kukonza, zonse pa pepala limodzi: dzina lolembedwa molakwika, udindo wa amfumu wosokonezedwa, gulu lodumphidwa. Pakutha pa sabata yachisanu ndi chimodzi ntchito yomaliza iperekedwe. Akachedwa popanda chifukwa chomveka, pa ndalama yotsala ija pazichoka K10,000 pa sabata. Mukachedwa ndinu kubweza ndemanga, masiku amenewo asawerengedwe kwa iye.

Nenaninso chimene mudzalandire. Vidiyo ya maola awiri ndi theka yokonzedwa pa 10 Mbps imakhala pafupifupi 11 GB. Mafulashi ambiri amabwera ali pa FAT32, imene siilola fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndipo mawayilesi akanema ena sawerenga mtundu wina wa fulashi. Njira yosavuta ndi kuigawa vidiyoyo m'zigawo zitatu kapena zinayi za MP4, chilichonse chosaposa 4 GB, monga kukonzekera, tchalitchi ndi madyerero. Iyeseni pa kanema kapena foni imene muzidzaonera musanapereke ndalama yomaliza, ndipo muidumphedumphe mpaka kumapeto, chifukwa fayilo yowonongeka imatha kuyamba bwino n'kuima pakati. Vidiyo yotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse imafinyidwa n'kutaya kuwala kwake, choncho imeneyo isawerengedwe ngati ntchito yaperekedwa. Mafulashi akhale awiri, imodzi ikasungidwe ku nyumba ina.

Kukhala ndi fulashi m'manja ndi kukhala mwini wa ntchito imene ilimo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lamulo la umwini wa ntchito za luso la 2016 limateteza mavidiyo monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo mikangano ya umwini imapeweka ndi ziganizo zitatu pa pepala lanu. Choyamba, kuti banja lili ndi ufulu wokopera, kugawira achibale ndi kuika vidiyoyo pa intaneti. Chachiwiri, ngati zojambulidwa zosakonza zidzaperekedwe kwa banja, pa mtengo wanji, ndipo wojambula adzazisunga miyezi ingati asanafufute. Miyezi isanu ndi umodzi ndi yokwanira. Chachitatu, ngati wojambula angagwiritse ntchito zidutswa potsatsa malonda ake. Muli ndi ufulu wokana, kapena wolola kavidiyo kachidule kokha kamene mwakaona.

Chachitatuchi chikukhudza ufulu wa chinsinsi cha munthu, umene uli mu gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, ndipo kuyambira 2024 kulinso lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, limene amaliyang'anira ndi a MACRA. M'chipinda chimene mkwatibwi ndi aperekezi akuvala, kamera ilowe pokhapokha amayi oyang'anira anena kuti alowe. Malangizo a anamkungwi ndi alangizi a mpingo si ojambula. Mlendo amene wagwa povina kapena waledzera asasanduke choseketsa cha pa TikTok, ndipo pa ana pafunika kusamala koposa. Wojambula wofalitsa zotere angakumane ndi lamulo, ndipo wachibale amene watenga kachidutswa pa fulashi n'kukamwaza m'magulu sathawanso udindo.

Nyimbo zoikidwa mu vidiyo nazo zili ndi eni ake. Bungwe la COSOMA ndilo limapereka zilolezo ndi kutolera ndalama m'malo mwa oimba, ndipo wojambula amene amachita ntchitoyi ngati bizinesi ndi amene ayenera kulongosola zimenezi. Kwa banja, vuto limaonekera poika vidiyo pa Facebook kapena YouTube, pamene makina awo amazindikira nyimbo ya mwini wake n'kuzimitsa mawu kapena kuitsekeratu. Kavidiyo koika pa intaneti kakhale ndi nyimbo yololedwa.

Zikavuta

Tinene kuti sabata yachisanu ndi chimodzi yadutsa, yachisanu ndi chitatu yadutsanso, ndipo foni ikungoitana. Choyamba lembani kalata kapena uthenga waulemu wotchula tsiku la mgwirizano, ndalama zimene mwapereka, ndi tsiku lomaliza limene mukumupatsa, monga masiku khumi ndi anayi. Pemphaninso kuti akuonetseni zojambulidwa zosakonza. Munthu amene wangochulukidwa ntchito amakuonetsani mosavuta. Amene akuzemba ngakhale pempho limeneli, kawirikawiri zinthu zinatayika, ndipo ndi bwino mudziwe msanga kuti mutolere mavidiyo a m'mafoni a alendo asanawafufute. Ngati zosakonzazo zilipo koma iye walephera kumaliza, zitengeni, ndalama yotsala ija mulipire munthu wina wokonza.

Kukambirana kukakanika, itanani mboni imene inasaina, ndipo ngati wojambulayo ndi wa m'dera lomwelo, bwalo la amfumu limatha kuthetsa nkhani zotere mwachangu. Kupitirira apo, dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003 ndi lamulo latsopano la 2024 la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo a anthu amene anamizidwa kapena sanalandire ntchito imene analipira. Mungasumenso ku khoti la majisitireti, monga la pa boma la Thyolo, kupempha kuti ndalama ibwezedwe ndi chipukuta misozi. Tengani pepala la mgwirizano, mauthenga otsimikiza malipiro, ndi kalata yanu yomaliza.

Kuchedwa kupereka vidiyo si mlandu wa kupolisi, ndipo kulanda kamera ya munthu kapena kumunyoza pa Facebook kungatembenuzire mlandu kwa inu. Apolisi amalowapo pamene pali chinyengo, monga munthu amene analandira chikole akunama kuti ndi wojambula pamene alibe ngakhale kamera, kapena anatenga ndalama alibe cholinga chobwera. Wojambula nayenso ali ndi njira zomwezi. Banja likaona vidiyo, n'kuivomereza, koma osalipira K135,000 yotsala, iye angapite ndi pepala lomwelo kwa mboni, kwa amfumu kapena ku khoti, ndipo ngati ndi mmene anamvanirana, kufikira atalipidwa sakakamizidwa kupereka mafulashi.